Chinthu chilichonse chikhale ndi mwini: ndandanda ya katundu wa tsiku la ukwati

Komiti ya ukwati ikakumana, nkhani imene imadya nthawi yaitali ndi ya ndalama. Amawerengera za holo, zokongoletsa, keke, zakumwa ndi galimoto, kenaka amagawana kuti akuchimuna apereka zakuti, akuchikazi apereka zakuti. Bajeti ikakwanira, anthu amapuma ngati ntchito yatha. Koma bajeti imangoyankha funso lakuti chinthu chigulidwa ndi ndalama zingati. Pali funso lina limene siliyankhidwa pamisonkhano yambiri: Loweruka, nthawi imene chinthucho chikufunika, chidzakhala m'manja mwa yani?

N'chifukwa chake mumapeza ukwati umene unalipira keke ya nsanjika zinayi koma palibe mpeni woidulira. Makreti a zakumwa ali mbwee kuseri kwa holo, chotsekulira mabotolo n'chimodzi chokha, ndipo anyamata ayamba kutsekula ndi mano. Zinthu zimenezi sizisowa chifukwa cha umphawi. Zimasowa chifukwa aliyense ankaganiza kuti wina wazitenga kale. Mankhwala ake ndi pepala limodzi lolembedwa bwino, ndi tebulo limodzi loikidwa pakona pa holo pamene katundu yense amafikira ndi kuwerengedwa.

Komiti si dzina la munthu

Lamulo loyamba la ndandanda imeneyi n'lakuti kutsogolo kwa chinthu chilichonse kulembedwe dzina la munthu mmodzi ndi nambala yake ya foni. Mawu monga "komiti ya zakudya", "akuchikazi", "anyamata" kapena "amayi a kumpingo" asapezeke pamalo a dzina. Gulu simungaliimbire foni 6 koloko m'mawa n'kulifunsa ngati nkhuni zafika. Ngakhale mayina awiri pa chinthu chimodzi ndi msampha, chifukwa aliyense mwa awiriwo amagona mtima uli m'malo, akudalira mnzake. Ngati ntchito ikufuna manja ambiri, monga kutsitsa mipando, mwini dzinayo ndiye adzipezere omuthandiza. Mipando ikaperewera, wofunsidwa akhala yekhayo.

Lamulo lachiwiri limaiwalika kawirikawiri. Katundu wa ukwati amadutsa m'manja atatu. Pali wochipeza, amene amagula kapena kubwereka. Pali wochigwira pa tsikulo, amene amaonetsetsa kuti chili pamalo pake pa nthawi yake. Ndiye pali wochibweza, ngati chinali chobwereka kapena cha hayala. Nthawi zina manja atatuwa ndi a munthu mmodzi, koma kawirikawiri ndi a anthu osiyana, ndipo zinthu zimatayikira pamene zikuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Amalume agula mpeni wa keke Lachitatu, ntchito yawo yatha ndipo sananame. Koma mpeniwo uli m'kabati kunyumba kwawo, iwo ali kutsogolo kwa holo pampando wa ankhoswe, ndipo kiyi wa nyumba ali ndi mwana amene wapita kukaonera mpira.

Choncho pepalalo likhale ndi madanga 6: chinthu, kuchuluka kwake, wochipeza, wochigwira Loweruka, malo ndi nthawi yofikira, ndi wochibweza. Danga limene lilibe dzina likuonetsa pamene vuto lidzatulukire.

Amene sayenera kusenzetsedwa katundu

Pogawa mayina, mtima umathamangira kwa anthu akuluakulu ndi odalirika: makolo, amalume, ankhoswe. Anthu amenewa angathe kulembedwa m'danga la wochipeza, chifukwa ndiwo amadziwa kumene kuli miphika ikuluikulu ndipo mawu awo amamveka akapita kukabwereka. Koma m'danga la Loweruka asalembedwe pa chinthu chimene chimafuna kuyendayenda. Pa tsikulo ali ndi ntchito yawo ya mwambo. Ankhoswe amafunika kutchalitchi, amafunika pojambula zithunzi, ndipo kumadyerero amaitanidwa kutsogolo. Mayi wa mkwatibwi sangachoke pampando wake kuti akaone ngati ayisi wafika. Akwati eniake asamapatsidwe kanthu kalikonse kosunga, ngakhale foni zawo zomwe.

Oyenera danga la Loweruka ndi abale amene ali pafupi mokwanira kuti zinthu zikalakwika ziwapweteke mtima, koma amene sali pamzere wa operekeza kapena patebulo la akuluakulu. Awa ndi asuweni, alamu, achimwene ndi achemwali amene sakuvina nawo polowa m'holo, amayi aang'ono, ndi ana a azakhali amene ndi achikulire. Munthu mmodzi asapatsidwe zinthu zoposa zitatu kapena zinayi, ndipo zonsezo zikhale za malo amodzi. Amene ali ndi zakumwa kuholo asakhalenso ndi nkhuni za kunyumba kophikira.

Chenjerani kwambiri ndi m'bale amene ali ndi galimoto. Pamsonkhano aliyense amamutchula: akatenga keke ndi iyeyo, akatenga agogo ku depoti ndi iyeyo, adzakhalanso pamdipiti wa akwati popita kojambulitsa. Iye amangovomera chifukwa kukana pamaso pa akuluakulu n'kovuta. Mukamaliza kulemba, werengani pepalalo motsata mayina m'malo motsata katundu. Tengani dzina limodzi, onani paliponse pamene lalembedwa, n'kufunsa ngati munthuyo angathedi kupezeka pamalo onsewo pa maola amenewo.

Pomaliza, mbali zonse ziwiri zioneke papepala. Ukwati umene katundu yense wagwiridwa ndi banja limodzi umabala madandaulo, makamaka pa zinthu ziwiri zimene zimakhudza chuma: ndalama za perekaniperekani ndi mphatso. Pamenepa wogwira akhale mmodzi monga mwa lamulo lija, koma pambali pake pakhale mboni yochokera ku banja linalo.

Chitsanzo: ukwati wa anthu 300

Tiyerekeze ukwati wa mu mzinda wa Lilongwe, Loweruka lina mu Okutobala. Mwambo wa kutchalitchi uyamba 8 koloko m'mawa. Ukatha, akwati apita kojambulitsa, abale pafupifupi 120 adya nkhomaliro kunyumba kwa makolo a mkwatibwi, ndipo madyerero a anthu 300 ayamba 1:30 masana kuholo. Papepala lenileni mulemba mayina ndi manambala a foni. Pano talemba ubale wokha.

| Chinthu | Kuchuluka | Wochipeza | Wochigwira Loweruka | Malo ndi nthawi | Wochibweza |
|---|---|---|---|---|---|
| Mphete | 2 | Mkwati | Woperekeza mkwati | Kutchalitchi, 7:30 | Palibe |
| Zitupa ndi envulopu ya setifiketi | 1 | Mchemwali wa mkwati | Azakhali a mkwatibwi | Kutchalitchi, 7:30 | Azakhali, kwa akwati Lamlungu |
| Chikwama cha mkwatibwi | 1 | Mng'ono wa mkwatibwi | Yemweyo | Pamene pali mkwatibwi | Yemweyo |
| Mpunga ndi nkhuku | Makilogalamu 15, nkhuku 15 | Bambo a mkwatibwi | Amayi aang'ono a mkwatibwi | Kunyumba, Lachisanu 4:00 | Palibe |
| Miphika ndi mbale | Miphika 4, mbale 130 | Mayi a mkwatibwi | Amayi aang'ono a mkwatibwi | Kunyumba, Lachisanu 4:00 | Amayi aang'ono, Lolemba |
| Mipando ya hayala | 300 | Amalume a mkwati | Mng'ono wa mkwati | Kuholo, 9:00 | Mng'ono wa mkwati, madzulo |
| Zakumwa, ayisi, zotsekulira | Makreti 18, zotsekulira 6 | Amalume a mkwatibwi | Mlamu wa mkwatibwi | Kuholo, 10:00 | Mlamu, Lolemba |
| Jenereta, mafuta, chingwe | 1, malita 10, 1 | Mkulu wake wa mkwati | Yemweyo | Kuholo, 10:00 | Yemweyo, Lamlungu |
| Keke, mpeni, mbale zogawira | 1, 1, 4 | Mkwatibwi | Msuweni wa mkwati | Kuholo, 12:00 | Msuweni, Lolemba |
| Tchenji | K200,000 | Msungichuma wa komiti | Mchemwali wa mkwati | Kuholo, 1:00 | Mchemwali, madzulo |
| Madengu, kabuku, malastiki, chikwama | Madengu 4 | Mchemwali wa mkwati | Yemweyo | Kuholo, 1:00 | Yemweyo |
| Kaundula wa mphatso ndi galimoto yake | 1 | Msuweni wa mkwatibwi | Yemweyo | Kuholo, 1:00 | Yemweyo, madzulo |
| Ndowa, sopo, matsache, mapepala a kuchimbudzi | Ndowa 4 | Mwana wa azakhali a mkwati | Yemweyo | Kuholo, 9:00 | Yemweyo |

Manambala a m'danga lachiwiri sanangotoledwa. Kilogalamu imodzi ya mpunga wosaphika imakwanira anthu pafupifupi 8 ngati pali ndiwo zokwanira, ndiye anthu 120 akufuna makilogalamu 15. Nkhuku imodzi ikadulidwa nthuli 8, nkhuku 15 zipereka nthuli 120, imodzi kwa aliyense popanda yotsala. Amene akudziwa kuti pabanja pawo alendo amabwera ndi anzawo awonjezere nkhuku ziwiri kapena zitatu ndi mpunga pang'ono. Kreti ya zakumwa imakhala ndi mabotolo 20, choncho anthu 300 akufuna makreti 15 kuti aliyense alandire botolo limodzi. Atatu owonjezerawo ndi a operekeza amene avina kuyambira m'mawa, a ogwira ntchito, ndi a alendo amene sanali pamndandanda wa oitanidwa.

Kulemba nambala yeniyeni kuli ndi phindu lina. Munthu amene wauzidwa kuti "mukhala ndi zakumwa" sadziwa kuti ntchito yake yatha liti. Amene wauzidwa kuti "makreti 18, mabotolo 360, ndipo onse abwerere Lolemba" amadziwa chimene akuwerenga polandira ndi chimene adzawerenge pobweza.

Poyamba, pa chitsanzo chathuchi, msuweni wa mkwati uja anali atalembedwanso kuti galimoto yake inyamule operekeza kupita kojambulitsa. Powerenga motsata mayina, zinaoneka kuti 11 koloko akufunika kwa wophika keke komanso kumalo ojambulira, mbali ziwiri zosiyana za mzinda. Operekeza anawapezera galimoto ina, ndipo msuweniyo anatsala ndi keke yokha. Keke imafuna munthu wosathamanga. Iikidwe pamalo osalala m'galimoto, osati pamiyendo pa munthu kapena pampando wopendekeka, ndipo m'nyengo yotentha ngati Okutobala isafike kuholo m'mamawa kuti ikhale maola ambiri ikusungunuka. Mpeni ndi mbale zogawira zalembedwa pamzere womwewo kuti ziyendere limodzi ndi kekeyo.

Tebulo la katundu ndi msungi wake

Pepala palokha siligwira ntchito ngati palibe munthu amene akuliyang'ana. Pakhale msungi wa ndandanda, munthu mmodzi amene alibe katundu wakewake wosenza, ntchito yake n'kuona kuti ena asenza. Pa chitsanzo chathu ndi mkulu wake wa mkwatibwi, mayi wapabanja amene sali pagulu la operekeza. Munthu ameneyu ayenera kuvomereza pasadakhale kuti mwambo wa kutchalitchi sadzauona wonse, chifukwa 9 koloko akufunika kuholo.

Kuholoko apemphe tebulo limodzi, aliike pafupi ndi khomo la kumbuyo kapena pakona pamene ogwira ntchito amadutsa, kutali ndi tebulo la mphatso. Chilichonse chimene chafika chiyambe chadutsa pamenepo. Zazikulu monga mipando ndi makreti amakaziwerengera pamene zatsitsidwa, pamaso pa wozibweretsa. Zing'onozing'ono, zimene ndizo zimasowa kwambiri, zimakhala patebulo pomwepo: zotsekulira mabotolo, mpeni wa keke, machesi, selotepi, sizasi, zolembera, mabatire a maikolofoni, tochi, nsalu zopukutira ndi kabokosi ka mankhwala a mutu ndi mabandeji. Wotenga chinthu alembedwe dzina, ngakhale ndi m'bale. Zotsekulira zimangiriridwe ku timikanda kapena tizingwe kuti wogawa zakumwa azivale m'khosi, apo ayi zimathera m'matumba a anthu.

Msungi agwiritse ntchito zizindikiro zitatu zosiyana m'mphepete mwa pepala. Kadontho katanthauze kuti munthu walonjeza. Kamzere katanthauze kuti wanena kuti wagula kapena wabwereka. Kuchonga kukhale kwa chinthu chokhacho chimene msungi wachiona ndi maso ake n'kuchiwerenga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo jenereta imene mwini wake wati "musadandaule, ilipo" ikadali pa kadontho mpaka italizidwa Lachisanu, chingwe chake chitayesedwa ngati chikufika pamene pakhale zoimbira.

Ntchito imeneyi imavuta pamene wofunsidwa ndi wamkulu. Mwana sangaimbire amalume ake ngati akuwalondalonda. Koma pali njira yofunsira imene imasunga ulemu n'kupezabe yankho lenileni.

"Amalume, pepani ndakusokonezani. Ndikungofuna ndiuze alamu nthawi yoti abwere kudzatenga makreti aja. Abwere mawa m'mawa kapena madzulo?"

"Aa, iwe mwana, ndalipira kale koma sindinakatenge. Auze tikumane kusitolo konko 10 koloko."

Funso lakuti "kodi mwagula?" likanangolandira yankho lakuti "zonse zili bwino". Funso lotchula nthawi ndi munthu wodzatenga laonetsa kuti zakumwa zikadali kusitolo, ndipo laikanso nthawi imene zichoke m'manja mwa wozipeza kupita kwa wozigwira.

Mzere wa ndalama

Mzere umene umafuna kulongosoledwa kwambiri ndi wa tchenji. Pa perekaniperekani alendo ambiri amabwera ndi ndalama zikuluzikulu, za K2,000 ndi za K5,000, ndipo amafuna kuzisintha kuti akhale ndi zambiri zoponya akamavina. Mwambo ukayamba, ndalama zimene zaponyedwa zimazungulira n'kukhala tchenji cha otsatira. Vuto lili pa mphindi zoyambirira, pamene m'dengu mulibe kanthu. Popanda tchenji choyambira, gulu loyamba kuitanidwa limaima pamzere kwa makashiya nyimbo n'kutha.

Ndalama zatsopano kubanki zimamangidwa 100 pa mtolo uliwonse. Mitolo 5 ya ma K200 ndi K100,000, ndipo mitolo 2 ya ma K500 ndi K100,000 inanso. Pamodzi ndi K200,000 ija. Msungichuma apite kubanki pakati pa sabata, osadikira Lachisanu masana, chifukwa ndalama zing'onozing'ono sizipezeka nthawi zonse ndipo mwina adzafunika kuyesa nthambi ina kapena kupempha kwa amalonda odziwana nawo.

Popereka ndalamazi kwa mchemwali wa mkwati, aziwerengere pamaso pa mboni ya kuchikazi, ndipo zilembedwe pa tsamba loyamba la kabuku, onse atatu asayine. Chifukwa chake chimaoneka madzulo. Tinene kuti powerenga zonse zapezeka K1,450,000. Ndalama zimene anthu apereka ndi K1,250,000, chifukwa K200,000 inali ya komiti, kapena inabwerekedwa kwa m'bale amene akuiyembekezera. Pamene izi sizinalembedwe, woyendetsa mwambo amalengeza chiwerengero chachikulu, akwati amalandira chocheperapo, ndipo banja lina limayamba kunong'ona kuti makashiya adya ndalama.

Ngati banja laika nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti amene alibe ndalama m'manja atumize, foni imeneyo ilembedwenso ngati katundu. Ikhale ndi moto wokwanira, ikhale patebulo la makashiya, ndipo ndalama zimene zinalimo mwambo usanayambe zilembedwe m'kabuku komweko. Madengu anayi aja alinso ndi ntchito yoposa kukongoletsa. Awiri amakhala kutsogolo pamene awiri ali kwa makashiya, ndipo amasinthana gulu lililonse likatha. Reserve Bank of Malawi yakhala ikupempha anthu kuti asamaponde ndalama pa maukwati chifukwa zimawonongeka msanga. Madengu okwanira ndi otola awiri achangu amachepetsa ndalama zogwera pansi, zimenenso zimakopa manja a ana ndi a akuluakulu omwe.

Tinthu tiwiri ta kutchalitchi

Mphete ndi setifiketi ndi zazing'ono kwambiri pa ndandanda yonse, koma zikasowa sizigulika pa golosale. Ngati pali kamwana konyamula mphete pa kapilo, kamwanako si mwini mzere umenewo. Mphete zikhale m'thumba la woperekeza mkwati, ndipo azimangirire pa kapiloko pakhomo la tchalitchi, gulu litatsala pang'ono kulowa.

Setifiketi imatayika mwanjira ina. Akwati ndi mboni akasayina, imaperekedwa m'manja mwa akwati, imaonetsedwa kwa anthu, ndipo potuluka mkwatibwi amafuna manja ake onse awiri kuti agwire maluwa ndi diresi. Amaipatsira aliyense amene ali pafupi. Munthuyo amaipinda n'kuiika m'thumba la jekete, kapena amaisiya pampando wa galimoto ya hayala. Ichi ndi chikalata chimene banjali lidzafune kuntchito, kubanki kapena pokonza mapepala a ulendo. N'chifukwa chake azakhali alembedwa kuti aime pafupi ndi khomo ali ndi envulopu yolimba, alandire setifiketiyo zithunzi za pakhomo zikangotha, ndipo isachoke m'chikwama chawo mpaka Lamlungu.

Chikwama cha mkwatibwi nacho chikonzedwe Lachinayi, osati m'mawa wa ukwati. Mukhale singano, ulusi woyera ndi wakuda, mapini, nsapato zafulati zosinthira, chitenje, ambulera, botolo la madzi, kachakudya kopepuka ndi mankhwala amene mkwatibwi amamwa ngati alipo. Mng'ono wake amene wanyamula chikwamachi akwere galimoto imodzi ndi mkwatibwi kapena yotsatira pambuyo pake.

Masiku ake

Ndandanda ilembedwe kutatsala milungu itatu, pamsonkhano wa komiti, ndipo dzina lililonse liwerengedwe mokweza mwini wake ali pomwepo kuti avomere yekha. Amene sanabwere kumsonkhano asalembedwe mpaka ataimbiridwa foni. Munthu wopatsidwa ntchito iye kulibe amadzaimva koyamba pa tsiku limene akufunsidwa chifukwa chake sanaichite.

Lachinayi la sabata ya ukwati ndi tsiku la mafoni. Msungi amaimbira aliyense wa m'danga la wochipeza, ndipo chilichonse chimene chikadali pa kadontho amachitengera kwa wapampando wa komiti tsiku lomwelo, nthawi yopeza njira ina ikadalipo. Lachisanu madzulo tinthu tonse ta patebulo tisonkhanitsidwe m'katoni imodzi kapena m'beseni, kunyumba imodzi. Pepalalo lisindikizidwe kanayi: la msungi, la wapampando, la woyendetsa mwambo, ndi lomata pakhoma pafupi ndi tebulo la katundu. Kulitumiza pa foni n'kothandiza, koma pa tsikulo mafoni amatha moto ndipo m'holo muli phokoso loti munthu samva kuitana.

Pali zimene pepala silingathe. Silingaletse alendo kuchuluka kuposa amene munawerengera, makamaka kumudzi kumene ukwati ndi wa mudzi wonse ndipo palibe amene amabwezedwa pakhomo. Kumeneko manambala a chakudya amafunika kufunsa amayi amene aphikapo pa maukwati a m'mudzimo, ndipo mizere imasintha: m'malo mwa jenereta ya holo pamabwera migolo ya madzi, nkhuni za ngolo, mphasa, ndi thobwa limene liyenera kuyamba kukonzedwa masiku angapo ukwati usanafike. Madanga 6 aja okha ndiwo sasintha. Pepala silingasinthenso khalidwe la munthu. M'bale amene amadziwika kuti akalawa chakumwa amaiwala zonse apatsidwe ntchito imene imatha m'mawa, monga kuyala mipando.

Danga lomaliza

Madyerero akatha, pafupifupi 5 koloko, anthu amabalalika mofulumira. Akwati apita, makolo aperekeza alendo, ndipo katundu wa eni amatsala m'holo ndi aliyense amene wachedwa kutuluka. Apa ndi pamene mabanja ambiri amaluza ndalama zimene anaponyeredwa masana. Mipando itatu yasowa, mabotolo 40 apita ndi alendo kapena ali pansi pa mipando, mbale imodzi ya wophika keke yalowa m'katoni ya mphatso. Zonsezi zimalipiridwa, kaya podula chikole chimene munasiya, kaya pochita manyazi kwa amene anakubwerekani mwaulere.

Choncho aliyense wa m'danga la wochibweza asachoke asanaonane ndi msungi. Mlamu wa zakumwa atolere mabotolo mwambo uli mkati, osadikira mapeto, ndipo awerenge makreti odzaza mabotolo opanda kanthu mpaka akwane 18 pamodzi ndi zakumwa zotsala. Mng'ono wa mkwati aunjike mipando khumikhumi kuti milu 30 ioneke ndi maso, ndipo aiwerenge limodzi ndi mwini wake. Miphika ndi mbale zobwereka zikhale zitaikidwa chizindikiro kunsi ndi penti kapena selotepi ya mtundu umodzi pa nyumba iliyonse, chifukwa mbale za anthu zimafanana ndipo zikatsukidwa pamodzi palibe amene amazindikira zake. Mphatso ziwerengedwe pokweza m'galimoto molingana ndi kaundula, mboni ya kuchimuna ili pomwepo, ndipo ziwerengedwenso potsitsa. Nyumba imene zikupita ndi munthu amene ali ndi kiyi wake zikhale zitalembedwa kale.

Lolemba madzulo, kapena pamsonkhano wotseka komiti, msungi amawerenga pepala lija mzere ndi mzere: chabwezedwa, chabwezedwa, mabotolo 12 asowa ndipo alipiridwa kuchokera ku ndalama zotsala, m'phika umodzi ukadali kwa amayi aang'ono ndipo upita mawa. Akatero apereke pepalalo kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, atalembapo m'mphepete chimene chinaperewera ndi chimene chinatsala. Ukwati wotsatira pabanjapo udzayambira pa manambala amenewo, ndipo komiti yake idzadziwa kale ngati makreti 18 anakwanira.